Njinga yamoto ya 110, 125 kapena 150: zofunika kumvetsa musanatulutse ndalama

Aliyense amene wayamba kufunsa mitengo ya njinga zamoto pa Kamuzu Rodi ku Salima, kapena pa boma la Nkhotakota, amamva mawu atatu amene amatsutsana. Wogulitsa amati tengani ya 150 chifukwa ndi yamphamvu. Wa kabaza amene wakhala zaka pa siteji amati yaing'ono ndiyo yabwino chifukwa siimwa mafuta. Makaniko nayenso amati zonsezo n'zachabe, chofunika n'chakuti masipeya ake azipezeka. Onse atatu akunena zoona, koma aliyense akuyankha funso losiyana ndi la mnzake, ndipo wogula amasokonezeka chifukwa sanawauze ntchito yeniyeni imene njingayo ikukagwira. Mayi wonyamula nsomba kuchokera ku Senga Bay, ndi mphunzitsi wongopita kusukulu n'kubwerako, safunika kuwerengera mofanana, ngakhale atagula njinga yamtundu umodzi tsiku limodzi.

Nambala yolembedwa pambali pa njinga

Nambala monga 110, 125 kapena 150, imene imatsatiridwa ndi zilembo za cc, siitanthauza liwiro, komanso si kulemera kwa katundu amene njinga inganyamule. Ndi kukula kwa malo amene pisitoni imayendamo m'kati mwa silinda, kuchokera pamene imalekezera pansi kufika pamene imalekezera pamwamba. Pisitoni imakwera ndi kutsika m'silinda monga musi mu mtondo, ndipo mtondo waukulu umalowa chimanga chambiri nthawi imodzi. Chimodzimodzi silinda yaikulu imakoka mpweya ndi petulo wochuluka pa ulendo uliwonse wa pisitoni, ndipo zikayaka zimakankha mwamphamvu. Injini ya 125 imakoka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a lita, pamene ya 150 imakoka zoposa pamenepo ndi gawo limodzi mwa magawo 5.

Pali mfundo imene ogula ambiri saidziwa. M'njinga zambiri zochokera ku China zimene zadzaza m'misewu yathu, injini ya 125 ndi ya 150 n'zapachibale kwambiri. Pa mtundu wofala umene amautcha CG, pisitoni imayenda mtunda wofanana wa mamilimita 49.5 m'mainjini onse awiri, ndipo chimene chimasiyana ndi kukula kwa bowo la silinda, limene ndi mamilimita 56.5 pa ya 125 ndi mamilimita 62 pa ya 150. Choncho munthu amene walipira zochuluka kuti atenge ya 150 amakhala wagula mphamvu yokoka, koma nthawi zambiri sanagule felemu yolimba kuposa, mabuleki akuluakulu kapena masipoko okhuthala. Izi ziyenera kuonedwa pazokha, ndi maso, osati kungokhulupirira nambala.

Phindu la mphamvu yoonjezerayo limaoneka ponyamuka ndi katundu, podutsa mumchenga, ndi pokwera mtunda. Pa msewu wa M5 umene ukutsata nyanja kuchoka ku Salima kudutsa ku Khombedza ndi Benga mpaka ku Nkhotakota, malo ambiri ndi achidikha, ndipo munthu mmodzi wopanda katundu saona kusiyana kwenikweni pakati pa njinga ziwirizi. Koma amene amakwera zitunda za msewu wa M14 kulowera ku Lilongwe atanyamula mnzake, kapena amene amalowa m'tinjira ta mchenga topita kumadoko a asodzi, amamva kusiyanako m'manja. Njinga yaing'ono imafuna kuti wokwera azikhalira giya yachiwiri ndi kuseweretsa kilatchi, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, injini yozizitsidwa ndi mphepo yokha imatentha kwambiri ikamakuwa chonsecho ikuyenda pang'onopang'ono. Apa m'pamene ya 110 imatha kumwa mafuta ofanana ndi ya 150, uku mapuleti a kilatchi akupsa.

Nambalayi imakhudzanso laisensi. Chiphaso cha gulu la A1 chimalola kuyendetsa njinga yosapitirira 125 cc, ndipo yoposa pamenepo imafuna cha gulu la A. Wogula ya 150 ayenera kudziwa zimenezi asanakumane ndi apolisi apamsewu, komanso ngozi isanachitike, chifukwa a inshuwalansi amayang'ana ngati woyendetsa anali ndi chiphaso choyenera.

Kulimba: chimene chinapangidwa ndi chimene mwini amachita

Mawu akuti njinga yolimba amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi kapangidwe ka injini, ndipo chachiwiri ndi ubwino wa zitsulo ndi kasamalidwe kake.

Pa kapangidwe, mbiri ya injini ya CG ndi yothandiza. Kampani ya Honda ya ku Japan inatulutsa njinga ya CG125 m'chaka cha 1975, akatswiri ake ataona m'mayiko ena a ku Asia kuti anthu ankanyamula banja lonse pa njinga imodzi, ankachedwa kusintha oyilo mpaka kuda bii, ndipo ankabwera kwa makaniko pokhapokha njinga ikaima. Iwo anapanga injini imene mavavu ake amatsegulidwa ndi timitengo tachitsulo tokankhidwa kuchokera pansi, kufupi ndi kumene oyilo amakhala, m'malo modalira tcheni cha taimingi chokwera mpaka pamutu wa injini. Anaikanso sefa ya mpweya ya siponji imene imachapidwa n'kubwezeretsedwa. Injini imeneyi imachita phokoso ndi kunjenjemera ikathamangitsidwa, koma imapirira nkhanza. Makampani ambiri a ku China anatengera kapangidwe kameneka, n'chifukwa chake pisitoni kapena magasiketi a njinga imodzi amalowa pa ina ya dzina losiyana, ndiponso pafupifupi makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa m'kati mwake.

Njinga zina, monga Bajaj Boxer ya ku India, zili ndi injini ya tcheni cha taimingi. Imeneyi imayenda mosalala ndipo kawirikawiri imasunga mafuta, koma imafuna oyilo woyera, chifukwa ziwalo za pamutu zimadalira oyilo wopopedwa kuchokera pansi kudzera m'timabowo ting'onoting'ono. Mwini akazengereza kusintha oyilo, phokoso limayambira kumutu, tcheni chimakhwepa, ndipo kukonza kwake kumafuna masipeya a mtundu umenewo basi. Palinso njinga zapamwamba monga Yamaha DT125, zimene ambiri anazizolowera poona alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo. Injini ya DT125 ndi ya mtundu wina, umene umatentha oyilo wapadera wolembedwa 2T pamodzi ndi petulo. Imakwera bwino m'malo oipa, koma imamwa mafuta kwambiri, ndipo siinapangidwire kunyamula matumba tsiku ndi tsiku.

Ngakhale kapangidwe kakhale kabwino chotani, m'madera a kunyanja muno chimene chimapha injini msanga ndi mchenga ndi fumbi. Injini imapuma mpweya wochuluka kwambiri kuposa petulo amene imamwa, ndipo fumbi likadutsa sefa limakanda khoma la silinda ndi maringi a pisitoni. Zizindikiro zake zimabwera motsatizana: njinga imayamba kuvuta kuliza m'mawa, kiki imapepuka kuphazi, oyilo amachepa popanda podontha, ndipo potsiriza kumatuluka utsi wotuwa ngati wobiriwira ku ekizozi. Anthu ena amachotseratu sefa poganiza kuti njinga ipuma bwino. Imathamangadi kwa masabata angapo, koma pambuyo pake pamafunika pisitoni ndi silinda zatsopano. Sefa ya siponji imafunika kuchapidwa, kuumitsidwa, ndi kunyowetsedwa ndi oyilo pang'ono, chifukwa oyiloyo ndi amene amagwira fumbi. M'chilimwe, kwa munthu woyenda m'misewu yadothi, ntchitoyi ndi ya sabata iliyonse kapena masabata awiri. Sefa ya pepala siichapidwa, imangosinthidwa, ndipo wogula ayenera kufunsa mtundu wa sefa imene ili m'njinga asanalipire.

Oyilo ndiye nkhani yachiwiri. Injini zimenezi zimalowa pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo amatumikira injini, magiya ndi kilatchi. Zambiri zilibe sefa ya oyilo yosinthika ngati ya galimoto, koma kaukonde kachitsulo kamene kamagwira zinyalala zikuluzikulu zokha. N'chifukwa chake pa ntchito yolemetsa, m'dera lotentha, oyilo amasinthidwa pa makilomita 1,000 mpaka 1,500. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi wolembedwa 20W-50, ndipo pa botolo payenera kukhala chizindikiro cha 4T kapena JASO MA, chosonyeza kuti sachititsa kilatchi kuterera. Oyilo woyezedwa m'timabotolo topanda chizindikiro amaoneka wotchipa pa tsikulo, koma palibe njira yodziwira ngati ndi watsopano.

Kunja kwa injini, malo amene amasonyeza kusiyana kwa njinga yotchipa ndi yodula ndi masipoko a gudumu lakumbuyo, mashoko, mawaya a magetsi ndi felemu pansi pa mpando. Njinga zambiri zazing'ono zinapangidwa kuti zinyamule makilogalamu pafupifupi 150, kuphatikiza woyendetsa, ndipo nambala yeniyeni imalembedwa m'kabuku ka njinga. Munthu wa makilogalamu 70 akamanga matumba awiri a mpunga a makilogalamu 50 lililonse wapitirira kale muyezo. Amisiri amawotcherera kaliyala yaitali ndi kuonjezera mashoko, ndipo zimathandizadi kunyamula, koma kulemera kumakhala kumbuyo kwa gudumu, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimasewera mumchenga, ndipo mabuleki amakhala omwe aja. Ine ndimaona kuti ili ndi gawo limene ogula amalinyalanyaza kwambiri, chonsecho ndi limene limakhudza moyo.

Mtengo woyendetsera, powerengera anthu awiri

Mtengo woyendetsera ndi ndalama zonse zimene njinga imadya ikagulidwa kale: petulo, oyilo, matayala, tcheni ndi masipuloketi, mabuleki, inshuwalansi, ndi masiku amene yaima ikudikira sipeya. Kuwerengera zimenezi mu makwacha n'kovuta chifukwa mitengo siikhazikika. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pafupifupi chilichonse cha pa njinga chimachokera kunja. Njira yosavuta ndi kuwerengera mu malita ndi makilomita, kenako n'kuchulukitsa ndi mtengo wa tsikulo umene bungwe la MERA lalengeza.

Tiyerekeze munthu wonyamula nsomba ndi katundu wina pakati pa Senga Bay ndi tawuni ya Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Akapita ndi kubwera kawiri, n'kuonjezapo maulendo afupiafupi m'tawuni, amakwanitsa makilomita 100 pa tsiku. Akagwira ntchito masiku 25, ndiye makilomita 2,500 pa mwezi, kapena 30,000 pa chaka. Tingoyerekeza kuti, ndi katundu wake, njinga ya 110 ikuyenda makilomita 50 pa lita, ya 125 makilomita 42, ndipo ya 150 makilomita 36. Manambalawa ndi ongowerengera, chifukwa njinga iliyonse ili ndi ake, koma sali kutali ndi zimene njinga zosamalidwa bwino zimachita. Pa mwezi, ya 110 imwa malita 50, ya 125 malita pafupifupi 60, ndipo ya 150 malita pafupifupi 70. Kusiyana kwa ya 125 ndi ya 150 ndi malita 10 pa mwezi, kapena 120 pa chaka, ndipo pakati pa ya 110 ndi ya 150 ndi malita 240 pa chaka.

Pamenepo zikuoneka ngati yaing'ono yapambana, koma kuwerengera sikunathe. Ngati katundu wa tsiku limenelo ya 150 ikuutenga m'maulendo awiri, pamene ya 110 ikufuna atatu, yaing'onoyo iyenda makilomita 140 m'malo mwa 100, ndipo imwa malita 2.8 pa tsiku, ofanana ndi a ya 150 pa makilomita 100. Phindu la mafuta latha, nthawi yatayika, ndipo nsomba yaiwisi siidikira kukatentha. Choncho kwa wonyamula katundu, funso loyenera si makilomita pa lita okha, koma malita amene akufunika kuti katundu wa tsiku lonse afike.

Pa makilomita 30,000, munthu yemweyu asintha oyilo maulendo 20 ngati akutsatira makilomita 1,500, ndiye malita 20 pa chaka, mosatengera kukula kwa injini. Tayala lakumbuyo, ngati likutha pa makilomita 10,000, agula atatu. Tcheni ndi masipuloketi ndi pamene mchenga umaonetsa ukali wake. Tcheni chotsukidwa, chothiridwa oyilo, chokhala ndi chivindikiro chake, ndiponso chosiyidwa kuti chizisewera mamilimita 20 mpaka 30 pakati, chikhoza kupirira makilomita 15,000 kapena kuposa. Chosavindikira chimene chapakidwa girisi wokhuthala chimagwira mchenga, ndipo chikhoza kutha pa theka la mtunda umenewo. Chikatha chimasinthidwa pamodzi ndi masipuloketi onse awiri, chifukwa mano opindika a sipuloketi yakale amadya tcheni chatsopano. Ambiri amakunga tcheni kwambiri njinga ili yopanda katundu, ndipo akakweza katundu chimakungika mopitirira n'kuwononga beringi ya ku giya.

Tsopano tiyerekeze mphunzitsi wokhala pa boma la Nkhotakota amene sukulu yake ili pa mtunda wa makilomita 12. Pa masiku 22 amayenda makilomita pafupifupi 530. Pa manambala omwe aja, ya 125 imwa malita osakwana 13, ndipo ya 150 malita osakwana 15. Kusiyana ndi malita awiri okha pa mwezi. Kwa iye mafuta si nkhani yaikulu posankha injini. Zimene zimalemera ndi mtengo wogulira, inshuwalansi, laisensi, ndi zinthu zimene zimawonongeka ndi nthawi osati mtunda, monga batire, ziphira ndi dzimbiri la m'thanki. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanolo, mafuta ochokera ku nzimbe, amene wina amapangidwa ku Dwangwa komweko kuyambira 1982, ndipo ethanolo amakoka chinyezi. Njinga imene imaima mwezi wathunthu pa holide thanki ili theka ikhoza kusonkhanitsa madzi pansi pa thanki ndi mu kabureta. Mankhwala ake ndi kuisiya thanki yodzaza, kutseka mpopi wa mafuta, ndi kuiliza sabata iliyonse.

Nambala ya makilomita pa lita siyenera kutengedwa pakamwa pa wogulitsa. Imayezedwa podzaza thanki mpaka pakhosi, kulemba nambala ya pa mita, kugwira ntchito ya masiku onse, kenako kudzazanso mpaka pamalo omwewo. Makilomita amene ayendedwa amagawidwa ndi malita amene alowa kachiwiri. Amene sanagule akhoza kupempha wa kabaza wa njinga yamtundu umenewo kuti ayeze naye tsiku limodzi. Ngati njinga ya 125 ikulephera kufika makilomita 30 pa lita, pali vuto: sefa yatsekeka, kabureta ikutaya, matayala aphwa, kapena mabuleki akugwira. Pulagi yakuda ngati mwaye imasonyeza kuti petulo akuchuluka, pamene yofiirira ngati khofi wamkaka imasonyeza kuti zili bwino.

Yatsopano, yakale, ndi mapepala

Njinga yakale imaonedwa m'mawa injini isanatenthe, chifukwa wogulitsa akaitenthetsa kale mavuto oliza amabisika. Wogula agwire silinda ndi dzanja kuti atsimikize, aponde kiki kuti amve kulimba kwake, aone utsi, ndipo achotse mpando kuti afufuze malo owotcherera pa felemu. Akoke tcheni kumbuyo kwa sipuloketi: chikatukuka mpaka kuonetsa theka la dzino, chatha. Agwedezenso gudumu lakumbuyo cham'mbali kuti amve ngati maberingi akusewera. Chilichonse chimene chapezeka chiwerengedwe pa mtengo wa sipeya, n'kuonjezedwa pa mtengo wogulira, asanayerekeze ndi yatsopano.

Mapepala ndi amene amasiyanitsa mitengo kwambiri. Njinga zina zimalowa m'dziko kudzera m'malire osalipira msonkho ku MRA, ndipo zimagulitsidwa motsika. Njinga yotere siingalembetsedwe ku nthambi ya boma yoona za pamsewu msonkhowo usanalipidwe, ndipo popanda nambala palibe inshuwalansi, komanso ikabedwa mwini alibe chosonyeza kuti ndi yake. Nambala yosindikizidwa pa khosi la felemu ndi ya pa injini ziyenera kufanana ndi zolembedwa m'mapepala, ndipo malo amene aoneka opalidwa kapena openthedwa mwatsopano ndi chifukwa chokwanira chobwerera.

Zimene sizinayankhidwe

Pali mafunso amene ogula, amakaniko ndi aboma sanagwirizanepo. Loyamba ndi la mtengo wolembetsa njinga ndi kupeza laisensi. Akabaza ambiri amati ndalamazo n'zochuluka poyerekeza ndi zimene amapeza, ndipo ofesi zake zili kutali ndi maboma ngati athuwa, pamene aboma ndi azachipatala amaloza kuchuluka kwa ovulala pa ngozi za njinga zamoto. Momwe nkhaniyi idzathere zidzasintha kusiyana kwa mtengo wa njinga ya mapepala ndi yopanda mapepala.

Lachiwiri ndi la masipeya. Pisitoni ziwiri zooneka zofanana zikhoza kukhala ndi moyo wosiyana kwambiri, ndipo wogula alibe njira yozisiyanitsira kupatula mtengo ndi mawu a wogulitsa. Anthu amasiyanabe maganizo ngati kuli bwino kugula njinga yodula imene siiwonongeka kawirikawiri koma sipeya yake imaitanitsidwa ku Lilongwe, kapena yotchipa imene imavuta pafupipafupi koma imakonzedwa tsiku lomwelo pa msika uliwonse.

Lachitatu ndi la njinga zoyendera magetsi, zimene zayamba kuoneka m'mizinda. Sizifuna petulo, oyilo wa injini kapena pulagi, ndipo nthawi imene mafuta asowa pa mafilingi siteshoni zimakhala zokopa. Koma batire ndiye gawo lodula kwambiri la njingayo, kutentha kumafupikitsa moyo wake, ndipo munthu woyenda makilomita 100 pa tsiku amafunika malo osinthira kapena otchajira pa njira yake. Sizinaoneke ngati mabatire amenewa angapirire zaka zingati m'kutentha kwa ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndani angawakonze akavuta, ndiponso ngati malo osinthirawo adzafika ku Chia, ku Thavite ndi kumadoko kumene katundu amachokera.